Ofusayidi: yang'anani nthawi imene mpira wamenyedwa

Nkana ikakumana ndi Power Dynamos, kaya ku Wusakile kapena ku Arthur Davies, palibe chiweruzo chimene chimautsa phokoso ngati ofusayidi. Phokoso lomwelo limamveka pa masewero a sukulu ku Kwacha, pamene makolo aimirira m'mbali mwa bwalo n'kumadzudzula mphunzitsi wonyamula mbendera. Mkangano wambiri umabwera chifukwa cha chinthu chimodzi: anthu amayang'ana pamene wosewera ali polandira mpira, pomwe lamulo limafunsa pamene anali panthawi imene mnzake amamenya mpirawo. Mukagwira mfundo imeneyi, zotsalazo zimalowa m'mutu mosavuta.

Malo a ofusayidi

Lamuloli ndi la nambala 11 m'malamulo a mpira wamiyendo amene bungwe la IFAB limasunga, ndipo ndi lomwelo limene oyimbira a FAZ amatsatira. Wosewera amakhala pamalo a ofusayidi zinthu zitatu zikachitikira pamodzi. Choyamba, ali m'chigawo cha bwalo cha adani, kutsogolo kwa mzere wapakati. Chachiwiri, ali pafupi ndi mzere wa golo la adani kuposa mpira. Chachitatu, ali pafupi ndi mzere womwewo kuposa mdani wachiwiri kuchokera ku golo. Chimodzi mwa zitatuzi chikasowa, palibe ofusayidi.

Mdani wachiwiriyu ndiye amasokoneza anthu. Imani m'maganizo pamzere wa golo ndipo muwerenge osewera a timu yotchinga molowera pakati pa bwalo. Woyamba nthawi zambiri amakhala goloboyi, wachiwiri amakhala wotchinga kumbuyo amene watsalira kwambiri. Jambulani mzere wodutsa pa wachiwiriyo kuchokera mbali ina ya bwalo kufika mbali inayo: umenewo ndiwo mzere wa ofusayidi, ndipo umayenda limodzi ndi iye.

Poyeza amawerengera mutu, thupi ndi miyendo, ziwalo zimene munthu angagoletse nazo. Manja ndi mikono siziwerengedwa kwa wosewera aliyense, ngakhale goloboyi. Amene wafanana ndendende ndi mdani wachiwiri sali pa ofusayidi; zimenezi zinakhazikitsidwa mu 1990 pofuna kukomera omwetsa zigoli. Amene waima pamzere wapakati penipeni nayenso ndi womasuka.

Tiyese ndi mpira umodzi

Tinene kuti timu ya sukulu yanu ikuukira. Goloboyi wa adani ali pagolo pake. Wotchinga wawo womaliza, wovala nambala 5, waima pa mamita 20 kuchokera pamzere wa golo, kunja pang'ono kwa bokosi lalikulu lija la mamita 16.5. Wosewera wanu wapakati, nambala 8, ali ndi mpira pafupi ndi mzere wapakati. Womwetsa zigoli wanu, nambala 9, wayamba kale liwiro ndipo ali pa mamita 21 pamene nambala 8 akumenya mpira.

Mpirawo ukuyenda sekondi imodzi kapena ziwiri. Mnyamata amene ali kale paliwiro adya mamita angapo m'kanthawi komweko, pomwe nambala 5 akungotembenuka. Nambala 9 akulandira mpira ali pa mamita 13, yekhayekha ndi goloboyi. Owonera a timu inayo akuwa kuti ofusayidi, chifukwa maso awo anali pampira ndipo afika kwa nambala 9 atadutsa kale. Koma mbendera siyenera kukwera. Panthawi imene nambala 8 amamenya mpira, nambala 9 anali asanapitirire nambala 5.

Tsopano titembenuze. Nambala 9 anaima pa mamita 18, kuseri kwa nambala 5, pamene mpira umamenyedwa. Ataona kuti mpira ndi waufupi, akubwerera n'kudzaulandira pa mamita 25, adani atatu ali pakati pa iye ndi golo. Kwa woonera watsopano palibe cholakwika chimene chikuoneka. Komabe imeneyi ndi ofusayidi, chifukwa kubwerera sikufafaniza pamene anali poyamba. Adani apatsidwa firikiki pamalo amene wakhudzira mpirawo.

Kuima pamalopo si mlandu

Munthu angathe kuima pamalo a ofusayidi popanda wezulo kulira. Mlandu umabwera akalowerera m'masewero, ndipo njira zake ndi zitatu. Yoyamba ndi kukhudza mpira umene mnzake wapereka. Yachiwiri ndi kusokoneza mdani: kumutchinga maso goloboyi, kulimbirana naye mpira, kapena kuchita chinthu choonekeratu chimene chikumulepheretsa kuumenya. Yachitatu ndi kupindula ndi malowo, monga kugoletsa mpira umene wabwerera utagunda chitsulo cha golo kapena utaphedwa ndi goloboyi.

Choncho nambala 11 akakhala pa ofusayidi kumphepete kwenikweni kwa bwalo, koma nambala 8 n'kumenya yekha mpira wolunjika muukonde, chigoli chilipo. Nambala 11 yemweyo akanaima patsogolo pa goloboyi n'kumubisira mpira, chigolicho chikanakanidwa ngakhale sanaukhudze. Ichi n'chifukwa chake wonyamula mbendera wodziwa ntchito amadikira kaye pang'ono asanaikweze. Sakuchedwa dala, akufuna aone kuti mpira ukupita kwa ndani.

Pali mipira itatu imene munthu angalandire mwachindunji ali paliponse popanda ofusayidi: golokiki, kona, ndi mpira woponya ndi manja kuchokera kumbali. Firikiki siili m'gulu limeneli. Komanso ufulu umenewu umathera pa wolandira woyamba. Iye akangoupereka kwa mnzake, lamulo layambanso kugwira ntchito.

Chigoli cha Carlos Vela

Chitsanzo chabwino chinaoneka pa 11 Juni 2010 ku Soccer City mumzinda wa Johannesburg, pamasewero otsegulira Chikho cha Dziko Lonse pakati pa South Africa ndi Mexico. M'chigawo choyamba Mexico inamenya kona. Goloboyi Itumeleng Khune anatuluka kukautsata mpira m'mwamba, koma wosewera wa Mexico anaugunda n'kuupititsa kwa Carlos Vela, amene anauponya muukonde ali pafupi ndi golo. Mbendera inakwera. Ambiri owonera pa kanema anadabwa, chifukwa pamzere wa golo panali Steven Pienaar, ndipo Vela sanamupitirire.

Chiweruzocho chinali cholondola. Kona inali itatha ntchito yake pamene mpira unagundidwa ndi mnzake wa Vela. Panthawiyo Pienaar ndiye anali mdani woyamba kuchokera ku golo, ndipo wachiwiri anali Khune amene anatuluka uja. Vela anali kutsogolo kwa Khune komanso kutsogolo kwa mpira. Lamulo silitchula goloboyi kapena wotchinga, limangowerenga adani awiri. Masewerowo anathera 1 kwa 1. Goloboyi akatuluka, yambani kuwerenga mwatsopano.

Mpira wochokera kwa mdani

Apa pamavuta ngakhale kwa amene aonera mpira zaka zambiri. Wotchinga akamenya mpira mwadala, ali ndi mpata wouona ndi kuukonzekera, koma n'kuupereka molakwika kwa mdani amene anali pa ofusayidi, wolandirayo alibe mlandu. Mpira ukangomugunda wotchinga mwadzidzidzi n'kupatuka, ofusayidi ikadalipo. Chimodzimodzinso pamene goloboyi kapena wotchinga wapulumutsa mpira umene umalowa kapena umadutsa pafupi kwambiri ndi golo. Funso loti mudzifunse ndi ili: kodi wotchingayo anausewera mpira, kapena mpira ndiwo unamupeza?

Kwa inu owonera

Khalani kumbali kwa bwalo osati kuseri kwa golo, chifukwa kuseri kwa golo simungaone amene ali patsogolo pa mnzake. Timu ikayamba kuukira, chotsani maso pampira kwa kanthawi, muyang'ane wotchinga womaliza ndi amene akuthamanga pambali pake, ndipo makutu anu amve kulira kwa mpira ukamenyedwa. Wonyamula mbendera amachita zomwezo, ndipo amathamanga molingana ndi mdani wachiwiri, kapena ndi mpira ukadutsa mdaniyo. Mukakhala pa mamita makumi awiri kuchokera pamene iye ali, maso anu akuona mopendekeka, ndipo wosewera wa kutsidya angaoneke ngati wapitirira pomwe sanapitirire.

Wezulo ikalira, woyimbira amakweza dzanja limodzi m'mwamba. Akutanthauza kuti firikikiyo singalowe m'golo mwachindunji mpaka itakhudza wosewera wina. Ofusayidi payokha siibweretsa khadi. Dziwaninso kuti mbendera ndi uphungu chabe, chiweruzo ndi cha woyimbira wapakati.

Kwa iwe wosewera m'timu ya sukulu

Ngati uli kutsogolo, usathamange molunjika ku golo mnzako asanakonzeke. Yamba liwiro mopingasa, kutsata mzere wa otchinga, ndipo ukhotere ku golo pamene waona mnzako wagwetsa mutu n'kukoka mwendo kuti amenye. Ukatero umafika pamzere uli kale paliwiro koma usanaudutse. Ima chammbali kuti diso limodzi lione mpira, lina lione wotchinga womaliza. Samala ndi mutu ndi bondo: mapazi angakhale kumbuyo koma ukaweramira kutsogolo, mutu wako wakugulitsa.

Inu awiri mukadutsa otchinga onse, amene alibe mpira akhale kumbuyo kwa mpira kapena molingana nawo. Pamenepo mzere ndi mpirawo. Zigoli zambiri za ana asukulu zimatayika chifukwa wothamanga pambali wafulumira phazi limodzi. Ndipo iwe wopereka mpira, mnzako akagwidwa ofusayidi kawirikawiri, mwina vuto ndi lako: ukuugwira mpira nthawi yaitali iye atanyamuka kale.

Ngati ndiwe wotchinga, mzere wanu ukhale umodzi ndipo munthu mmodzi yekha, wapakati, ndiye azilamula kuti tulukani. Wotchinga wa kumbali akatsalira mamita atatu, ngakhale ali kutsidya lina la bwalo, wamasula adani onse. Musakwere kutsogolo pamene mdani wa mpira alibe womupanikiza, chifukwa ali ndi nthawi yosankha pomenyera. Mukabweza kona, amene anaima pachitsulo cha golo atuluke msanga. Koposa zonse, usaime n'kukweza dzanja kudikira mbendera. Pamasewero a sukulu nthawi zina wonyamula mbendera sakhalapo, ndipo woyimbira mmodzi sangaone mzere bwino ali pakati. Pitiriza kusewera mpaka utamva wezulo.

Kuyeserera kunyumba

Pabwalo la pakhomo pamakwana ana anayi ndi wamkulu mmodzi. Mmodzi akhale wopereka mpira, wina wothamanga, wina wotchinga, wina goloboyi. Wamkulu aime kumbali molingana ndi wotchinga, ndipo aombe m'manja pa nthawi imene mpira wamenyedwa. Aliyense aume pomwe ali, kenaka onse ayang'ane kuti wothamanga ali pati poyerekeza ndi wotchinga ndi mpira. Bwerezani kakhumi, mukusinthana malo, kenaka muuze goloboyi kuti nthawi zina azituluka kupitirira wotchinga. Mwana amene wayesapo kuima pamalo a wonyamula mbendera amaphunzira msanga nthawi yoyenera kunyamuka.