Phunziro la sayansi: Kuyeza chikomokere ndi sikelo ya Blantyre

Mwana akadwala malungo aakulu, kunena kuti "wafooka" kapena "akungogona" sikuthandiza dokotala kudziwa ngati matenda akukula kapena akuchepa. Pafunika nambala yoti namwino wa usiku ndi wa masana aimve mofanana. Kwa akuluakulu, zipatala zimagwiritsa ntchito sikelo ya Glasgow ya mu 1974, yomwe imayambira pa 3 kufika pa 15. Vuto lake ndi lakuti imafuna wodwala woyankha mafunso ndi kumvera malangizo, zomwe mwana wa chaka chimodzi sangathe.

N'chifukwa chake mu 1987 madokotala awiri, Malcolm Molyneux ndi Terrie Taylor, anakonza sikelo ya ana pa chipatala cha Queen Elizabeth, chija ambiri amati Gulupu. Imatchedwa sikelo ya Blantyre, ndipo lero ikugwira ntchito m'maiko ambiri momwe muli malungo.

Sikeloyi imayang'ana zinthu zitatu. Choyamba ndi maso. Mwana akamatsata ndi maso nkhope ya amayi ake pamene ikusuntha, amapeza 1. Akalephera, ndi 0.

Chachiwiri ndi momwe thupi likuyankhira ululu. Namwino amakanikiza fupa la pakati pa chifuwa ndi mfundo za zala zake. Mwana akalunjikitsa dzanja pomwe pakupwetekapo kuti achotse chomupwetekacho, amapeza 2. Akapanda kutero, namwino amafinya chikhadabo cha mwanayo ndi pensulo yogoneka. Akangothawitsa mkono, ndi 1. Akakhala chete, kapena akangoumitsa ndi kuwongola manja ndi miyendo, ndi 0.

Chachitatu ndi mawu. Kulankhula kapena kulira monga mwana amalirira akapwetekedwa ndi 2. Kubuula kapena kulira kwachilendo ndi 1. Kusatulutsa mawu ndi 0.

Tikaphatikiza, mwana amene ali maso bwinobwino amapeza 5. Nambala iliyonse yochepera 5 ndi chenjezo, ndipo 2 kutsika m'munsi ndiye chikomokere chenicheni.

Tiyerekeze kuti mwana wa zaka zitatu wachokera kuno ku Sanga ndi thupi lotentha, ndipo wafika ku chipatala cha Chintheche. Nthawi ya 8 koloko usiku akutsata nkhope ya amayi ake, akukankha dzanja la namwino, koma akungobuula. Pamenepa ndi 1 + 2 + 1, zomwe ndi 4. Pofika 9 koloko wasiya kutsata nkhope, ndipo wapeza 0 + 2 + 1, zomwe ndi 3. Pofika 10 koloko sakulondolanso pomwe pakupweteka, akungothawitsa mkono, ndiye kuti 0 + 1 + 1, zomwe ndi 2.

Woona mwanayu kamodzi kokha pa 9 koloko akhoza kuganiza kuti ali mtulo. Koma woona 4, kenako 3, amadziwa kuti ubongo ukunka nufooka, ndipo sadikira kuti nambala ifike pa 2. N'chifukwa chake namwino amalemba nthawi pambali pa nambala iliyonse, komanso zigawo zonse zitatu padera.

Nambala ikatsika, chofulumira kuyeza ndi shuga wa m'magazi, pakuti shuga akachepa mwana amakomoka ndipo akapatsidwa shuga mumtsempha akhoza kutsitsimuka m'mphindi zochepa. Namwino amayang'ananso linjirinjiri losaonekera, monga kuphethira kwa chikope kapena kugwedera kwa mlomo kapena chala. Kupuma kodukizadukiza, kuuma kwa thupi, ndiponso kamwana ka m'diso kosachepa akakaunikira ndi tochi, ndi zizindikiro zoti ubongo ukhoza kukhala utatupa. Kafukufuku wa ku Gulupu yemwe anasindikizidwa mu 2015 anaonetsa kuti kutupa kwa ubongo ndiko kumapha ana ambiri odwala malungo a muubongo, chifukwa kumaimitsa kupuma.

Sikeloyi ili ndi malire. Mwana amene wangogwa linjirinjiri amapeza nambala yotsika kwa kanthawi, choncho amamuyezanso pakatha mphindi zosachepera 30. Khanda la miyezi yochepa silitha kulondola pomwe pakupweteka ngakhale lili bwino, motero likhoza kupeza 4. Komanso nambala siitchula matenda: malungo, matenda oumitsa khosi ndi kuvulala m'mutu zonse zikhoza kupereka 2.

Kuyeza ndi ululu ndi ntchito ya achipatala. Kunyumba yang'anani maso ndi kulira, ndipo sungani nthawi yomwe zinasintha kuti mukauze namwino. Mwana wosadzuka mugonekeni cham'mbali, musamumwetse kanthu chifukwa angatsamwe, ndipo thamangirani naye kuchipatala osadikira kuti kuche.

Ntchito: mwana sakutsata nkhope, akukankha dzanja la namwino, ndipo akulira bwino. Wapeza zingati? Pakatha ola akungobuula. Tsopano wapeza zingati, nanga namwino ayambe wayeza chiyani?