Mgwirizano wa Magulu a Maina: Njira Yophunzitsira Chichewa pakati pa Olankhula Chishona ku Arcturus

Arcturus ndi dera la mgodi wa golide ndi mafamu akuluakulu m'boma la Goromonzi, kum'maŵa kwa mzinda wa Harare. Monga m'madera ena a ku Mashonaland, anthu ambiri ochokera ku Malaŵi, Zambia ndi Mozambique adafika kumeneko m'nthaŵi ya atsamunda kudzagwira ntchito, ndipo adadza ndi Chichewa. Zidzukulu zao zakulira pakati pa Chishona. Ngakhale malamulo aakulu a dziko la Zimbabwe a m'chaka cha 2013 amaŵerengera Chichewa pakati pa zilankhulo 16 zovomerezeka, mwana wotere amayamba kuchiphunzira ali kale ndi malamulo a Chishona m'mutu. Cholinga cha nkhani ino ndi kusonyeza pamene mgwirizano wa maina ungamuvute, ndi momwe mphunzitsi angamuthandizire.

M'zilankhulo za Chibantu dzina lililonse lili ndi gulu lake, ndipo gululo ndilo limalamula agwirizanitsi a mneni, a mfotokozi ndi a mau oonetsa umwini. W. H. I. Bleek ndiye adayamba kupatsa maguluwa manambala, ndipo Carl Meinhof adaonjezerapo ena. Manambalawo amathandiza poyerekeza zilankhulo ziŵiri. Wolankhula Chishona savutika ndi maina amene gulu lake ndi limodzimodzi m'zilankhulo zonse ziŵiri. Amati "munda wangu" ndi "badza rangu", choncho sachedwa kuzoloŵera "munda wanga" ndi "khasu langa".

Vuto lenileni lili pa maina amene saonetsa gulu lake pa mphatikiram'mbuyo. Dzina lakuti "fodya" limapezeka m'zilankhulo zonse ziŵiri, koma m'Chishona lili m'gulu 9 (fodya yangu), pamene m'Chichewa lili m'gulu 1a (fodya wanga). Chimodzimodzinso maina ena a nyama: Mshona amati "imbwa yangu" ndi "katsi yangu", koma Mchewa amati "galu wanga" ndi "mphaka wanga". Wophunzira akanena kuti "mphaka yanga yagwa", sanaphonye mwangozi, koma watsata lamulo la Chishona. Maonekedwe a dzinalo amamusokeretsanso, pakuti "mphaka" amayamba monga "mphasa", dzina la m'gulu 9. Choyesera chodalirika ndicho kuchulukitsa. "Mphaka" amasanduka "amphaka", motero ali m'gulu 1a; "mphasa" sisintha, motero ili m'gulu 9.

Ntchito yozoloŵeza ikhale ya pakamwa, ya mphindi zisanu, ndipo ikhale ndi magawo atatu. M'gawo loyamba mphunzitsi anene chiganizo chimodzi, kenaka azingotchula dzina latsopano, ophunzira nabwereza chiganizo chonse:

Chipewa changa chagwa.
Khasu langa lagwa.
Mphasa yanga yagwa.
Mphaka wanga wagwa.

Mndandandawu uli ndi cholinga. "Chipewa" chimaonetsa gulu lake poyera, "khasu" limafanana ndi "badza", ndipo maina aŵiri osokoneza aja adza pomaliza motsatana, kuti khutu limve kusiyana kwake.

M'gawo lachiŵiri ziganizo zomwezo zichulukitsidwe:

Zipewa zanga zagwa.
Makasu anga agwa.
Mphasa zanga zagwa.
Amphaka anga agwa.

Apa mphunzitsi atchere khutu. Chishona chimasiyanitsa gulu 8 (zvangu) ndi gulu 10 (dzangu), koma Chichewa chili ndi "zanga" pa magulu onse aŵiri. Wonena kuti "mphasa dzanga" wapeza gulu loyenera. Chimene waphonya ndi mvekero chabe. Koma wonena kuti "mphaka zanga zagwa" waika dzina m'gulu losayenera, ndipo ayenera kubwerera ku choyesera cha kuchulukitsa.

M'gawo lachitatu dzina lichotsedwe. Mphunzitsi afunse kuti, "Kodi fodya ali kuti?" ndipo wophunzira ayankhe kuti, "Ali m'chigafa." Afunsenso kuti, "Nanga mphasa?" nayankhidwa kuti, "Ili m'nyumba." Gawo limeneli ndilo limaulula ngati gulu lakhazikika m'mutu, chifukwa m'yankho mulibe dzina lotsamirapo.

Njirayi ili ndi malire ake. Maina ena obwerekera amalandira agwirizanitsi a magulu aŵiri: ena amati "galimoto yanga", ena amati "galimoto langa", ndipo zonse zimamveka pakati pa eni chilankhulo. Maina otere asaikidwe m'ntchito yofuna yankho limodzi. Ndiponso "agogo anga abwera" anganenedwe za munthu mmodzi, pakuti gulu 2 limasonyezanso ulemu. Izi ziphunzitsidwe padera pokambirana.

Motero mphunzitsi wa m'dera ngati la Arcturus asataye nthaŵi pa magulu amene ophunzira akuwadziŵa kale kudzera m'Chishona. Alembe maina amene gulu lake limasiyana m'zilankhulo ziŵirizi, ndipo dzina lililonse latsopano aliphunzitse pamodzi ndi kachulukitsidwe kake ndi mgwirizanitsi wake.