Mafunso awiri oti muzidzifunsa pa gome la Ansoff

Anzanga a Fomu 4, funso la njira zokulitsira bizinesi limaoneka ngati phala, koma ndimaona ambiri akutaya malikisi pomwepo. Mayina anayi aja analoweza bwinobwino, koma akapatsidwa nkhani ya kampani sadziwa kuti dzina liti likwanira pati.

Gomeli analikonza ndi Igor Ansoff mu 1957. Ine ndikalandira nkhani ndimafunsa mafunso awiri basi. Kodi katunduyu kampani inali kugulitsa kale, kapena ndi watsopano? Nanga ogulawo ndi omwe aja, kapena ndi ena? Katundu wakale kwa ogula akale ndi maketi penetireshoni. Katundu wakale kwa ogula atsopano ndi maketi divelopumenti. Katundu watsopano kwa ogula akale ndi purodakiti divelopumenti. Zonse zikakhala zatsopano, imeneyo ndiye daivesifikeshoni.

Tiyeni tiyesere. Tinene kuti gulu la amayi ku Mchinji limapanga chiponde, ndipo limagulitsa mabotolo 400 pamwezi m'magolosale a pa boma. Pa botolo lililonse amapeza phindu la K600, ndiye kuti pamwezi amatolera K240,000.

Amayiwa atsitsa mtengo ndi K200 kuti akope anthu amene amagula chiponde cha ena m'magolosale omwewo. Chiponde ndi chomwecho, msika ndi womwewo, ndiye ndi penetireshoni. Njirayi ndi imene ili ndi chiopsezo chochepa chifukwa zonse amazidziwa kale. Koma funso likati fotokozani vuto lake, chitani masamu. Phindu latsika kufika pa K400, choncho ayenera kugulitsa mabotolo 600 kuti angopeza K240,000 ija. Akalekeza pa 500, agulitsa zambiri inde, koma atolera K200,000 yokha.

Tsopano ayamba kutumiza chiponde chomwecho ku Chipata, kutsidya la malire ku Zambia. Apa palibe amalephera: maketi divelopumenti. Msampha uli poti nkhani inene kuti ayamba kugulitsa m'zidebe kusukulu zogonera konko za ku Mchinji komweko. Ambiri amati, "Aaa, sanachoke m'boma lawo, ndi penetireshoni imeneyo!" Ayi ndithu. Msika si malo okha, ndi gulu la ogula. Sukulu zimagula zambiri nthawi imodzi, zimanenerera mtengo, mwinanso kulipira mochedwa. Amenewa ndi ogula atsopano, ndipo chidebe sichinasinthe chiponde chili m'katimo.

Nanga akayamba kulongedza nsinjiro m'mapaketi n'kumaika m'magolosale omwe aja? Ogula ndi akale, katundu ndi watsopano, ndiye purodakiti divelopumenti. Wina anganene kuti nsinjiro si yachilendo, agogo athu ankasinja kalekale. Zoona, koma "chatsopano" pagomeli chimatanthauza chatsopano kwa kampaniyo, osati kwa dziko lonse. Chiopsezo chake ndi choti alowetsa ndalama m'mapaketi asanadziwe ngati anthu asiye kudzisinjira okha pakhomo.

Pomaliza, zotsalira za mtedza azisakaniza ndi gaga n'kupanga chakudya cha nkhuku, n'kumagulitsa kwa alimi oweta. Katundu watsopano, ogula atsopano: daivesifikeshoni. Chiopsezo apa ndi chachikulu kuposa monse, poti akuphunzira zinthu ziwiri pakamodzi, kapangidwe ndi ogula omwe. Komabe popeza mtedza ulimo, iyi ndi daivesifikeshoni yapachibale ndi ntchito yawo. Akanagula minibasi, ikanakhala yopanda chibale chilichonse. Chitsanzo chenicheni cha mtundu wachiwiriwu ndi Press Corporation, imene ili ndi masheya mu National Bank ndi mu TNM, banki kwina, mafoni kwina.

Polemba yankho, dzina lokha silikwanira. Ine ndimalemba magawo atatu: dzina la njira, umboni wochokera m'nkhani wa katundu ndi wa ogula, kenako chiopsezo chimodzi. Mwachitsanzo: iyi ndi maketi divelopumenti chifukwa chiponde sichinasinthe koma sukulu ndi ogula atsopano, ndipo vuto lingakhale kuchedwa kwa malipiro. Samalaninso ndi nkhani imene ili ndi njira ziwiri m'ndime imodzi. Dulani mzere pansi pa chochita chilichonse, n'kuchifunsa mafunso awiri aja pachokha.

Nali loti muyesere. Amayi aja ayamba kuthira uchi m'chiponde, ndipo akugulitsa m'magolosale omwewo ndiponso ku Chipata. Muli njira zingati mmenemu, ndipo ndi ziti? Lembani yankho ndi zifukwa zake, tidzakambirane Lachisanu pa nthawi ya sitade.