Tulo, Njala ndi Mphamvu za Thupi: Uthenga kwa Mabanja a ku Neno

Khasu, njinga ya kabaza kapena kunyamula zitsulo zimang'amba timinofu ting'onoting'ono m'thupi. Thupi limakonza minofuyo mukagona, makamaka m'maola oyambirira a usiku pamene tulo tafika pa mtima. Nthawi imeneyi ndi imene thupi limatulutsa kwambiri homoni yokulitsa ndi kukonza minofu. Munthu wamkulu amafunika kugona maola osachepera 7, wachinyamata 8 mpaka 10, ndipo mwana wa zaka 6 mpaka 12 amafunika maola 9 mpaka 12.

Taganizirani mnyamata wa kabaza pa Zalewa amene amadzuka 4 koloko m'mbandakucha. Akakhala koonera mpira mpaka 11 koloko, wagona maola 5 okha. Kukacha miyendo imakhala yolemera, chitunda chimene amakwera bwinobwino chimamukanika, ndipo njala imamupweteka ngakhale wadya. Kuti akwanitse maola 7, ayenera kukhala atagona pofika 9 koloko.

Njala imeneyi ili ndi chifukwa chake. Mu 2004, ofufuza a ku Yunivesite ya Chicago analola anyamata 12 kugona maola 4 okha kwa masiku awiri. Homoni yodzutsa njala inakwera, yodziwitsa munthu kuti wakhuta inatsika, ndipo ankalakalaka kwambiri zotsekemera ndi zokhutitsa msanga. Kwathu kuno ndiye mandasi, tchipisi ndi zakumwa zashuga. Munthu wotere amanenepa mimba koma mphamvu osaonjezereka, zomwe n'zoopsa kwa odwala shuga kapena kuthamanga kwa magazi. Wochira ku malungo kapena TB nayenso amafunika tulo tokwanira pamodzi ndi nyemba, nandolo, mazira kapena usipa, kuti thupi libwerere.

Kutalika kwa tulo pakokha sikokwanira ngati mukudzidzimuka usiku wonse. Ku Lisungwi ndi ku Matope kumatentha, koma musasiye neti chifukwa cha thukuta. Fundani chopepuka, netiyo ikhale yofunyiridwa kunsi kwa mphasa kapena matiresi. Kumtunda ngati ku Dambe, musagone ndi mbaula ya makala m'chipinda chotseka, mpweya wake umapha. Tiyi wamphamvu, khofi ndi zakumwa zopatsa mphamvu zisiyeni dzuwa likapendeka. Kachasu amagonetsa msanga, koma amadula tulo pakati pa usiku ndipo amachedwetsa kukonzeka kwa minofu.

Musazengereze kuuza alangizi a zaumoyo, kapena kupita ku chipatala chachikulu cha Neno kapena cha Lisungwi, ngati mumadzuka kangapo kukakodza muli ndi ludzu lalikulu, ngati mukutsokomola ndi kutuluka thukuta usiku thupi likutha, ngati nkhawa yakusowetsani tulo kwa masabata angapo, kapena ngati akunyumba akuti mumaliza mkonono kwambiri n'kumabanika kutulo.