Funso la "chifukwa chiyani" limene linanamiza mphunzitsi

Mphunzitsi wina wa Chichewa, amene anali m'chaka chake choyamba cha ntchito, anafuna kuyesa ana a Fomu 2 pa kumvetsa nkhani. Anatenga nkhani ya m'nyuzipepala naifupikitsa m'mawu ake motere:

"Pa 2 Januwale 2023 nduna ya zaumoyo, Mayi Khumbize Chiponda, inalengeza kuti sukulu za pulayimale ndi sekondale za m'mizinda ya Lilongwe ndi Blantyre sizitsegulidwa pa 3 Januwale chifukwa cha kufala kwa kolera. Ana anauzidwa kuti akhale kunyumba kwa masabata osachepera awiri. Sukulu za m'madera ena zinaloledwa kutsegula pa tsiku lake. Kolerayu anayamba mu Malichi 2022, ndipo odwala anachuluka mvula itayamba."

Kukoleji anaphunzira kuti mafunso a kumvetsa nkhani ali m'magulu atatu. Pali amene yankho lake limaonekeratu m'nkhani, pali ofuna kuti mwana alumikize mfundo kuti apeze chimene sichinanenedwe mwachindunji, ndipo pali ofuna kuti mwana aweruze ndi kupereka maganizo ake. Koma iye anasunga m'mutu njira yachidule. Ankati funso loyamba ndi "ndani" kapena "liti" ndi la gulu loyamba, loyamba ndi "chifukwa chiyani" ndi lachiwiri, ndipo lokhala ndi "ukuganiza bwanji" ndi lachitatu.

Pa gulu loyamba anafunsa amene analengeza ndi tsiku limene analengeza. Pa lachiwiri anafunsa kuti, "N'chifukwa chiyani sukulu sizinatsegulidwe?" ndiponso "Kolera amafala bwanji?" Pa lachitatu anafunsa ngati boma linachita bwino, ndipo papepala lake la mayankho analemba kuti, "Inde, chifukwa linateteza ana." Atachonga, ana ambiri anakhoza bwino. Mnyamata mmodzi yekha analemba kuti boma linachedwa kulengeza, popeza makolo anauzidwa kutatsala tsiku limodzi. Mphunzitsi anamupatsa ziro pa funsolo.

Teremu yonse anakonza mafunso mwa njira yomweyo, akukhulupirira kuti ana ake akumva zimene akuwerenga. Mayeso a kumapeto kwa teremu, amene anakonza ndi mphunzitsi wina, anaulula zina. Ana omwe ankatsogola aja anasiya mipata pa funso lililonse limene yankho lake silinali pamzere umodzi.

Mayi amene ankatsogolera aphunzitsi a ziyankhulo anapempha kuona pepala la kolera lija. Anapita nalo m'kalasi, naitana mtsikana amene anapambana onse. Anamupatsa nkhaniyo kuti awerengenso, kenako anamufunsa kuti, "Mwanawe, ukanakhala kuti umaphunzira ku Mzuzu, ukanapita kusukulu pa 3 Januwale?" Mtsikanayo anayendetsa chala pamizere kufunafuna dzina la Mzuzu. Atalisowa anati, "Madamu, m'nkhanimu mulibe."

Atabwerera ku ofesi mayiwo anati, "Aphunzitsi, tengani pensulo. Pa funso lililonse mundilozere pamene pali yankho."

Pa funso la chifukwa chimene sukulu sizinatsegulidwe, pensulo inagwera pa mawu akuti "chifukwa cha kufala kwa kolera". Nkhani inali itanena kale chifukwacho, motero mwana anangofunika kupeza liwu lofanana ndi la m'funso n'kukopera zotsatira zake. Funsolo linali la gulu loyamba ngakhale linayamba ndi "chifukwa chiyani". Pa funso la kafalidwe ka kolera pensulo inasowa pogwera, pakuti nkhaniyo sikamba za madzi kapena chakudya chokhala ndi tizilombo. Amene anakhoza anali ana okumbukira phunziro la sayansi, ndipo akanakhoza ngakhale osawerenga nkhaniyo. Choncho pepala lonse linalibe funso ngakhale limodzi lofuna kulumikiza mfundo.

Apa mpamene pali phunziro kwa aliyense wokonza mafunso. Gulu la funso silidziwika ndi liwu loyambira, limadziwika ndi malo amene yankho lake likupezeka. Pensulo ikagwera pamalo amodzi, funsolo ndi la yankho loonekeratu. Ikagwera pamalo awiri, kapena pamalo amodzi amene mwana ayenera kuwonjezerapo sitepe ya kuganiza, ndi lolumikiza mfundo. Ikasowa pogwera, funsolo latuluka m'nkhani ndipo likuyesa china.

Mphunzitsi uja ndi mayi aja anakhala pansi nakonzanso pepalalo. Mafunso a gulu loyamba anawasunga awiri, chifukwa mwana amene sanagwire zoonekeratu sangathe kulumikiza kanthu. Koma anasintha mawu kuti asafanane ndi a m'nkhani. Analemba kuti, "Tchulani mizinda iwiri imene ana anachedwa kuyamba maphunziro." Mwana wosaka mawu ofanana sawapeza, ayenera kumva kuti kuchedwa kuyamba maphunziro ndi kusatsegulidwa kwa sukulu n'chinthu chimodzi.

Pa gulu lachiwiri anafufuza mfundo zimene zaima motalikirana koma zikugwirizana. Funso la Mzuzu analilowetsa, pakuti mwana ayenera kuona kuti mzindawu suli pa iwiri yotchulidwa, ndiye kuti uli m'gulu la "madera ena". Anawonjeza lina lakuti, "Ndi tsiku liti loyambirira limene ana a ku Blantyre akanatha kubwerera kusukulu, ndipo kodi tsikulo linali lotsimikizika?" Mwana aphatikize masiku 14 pa 3 Januwale kuti apeze 17 Januwale, kenako aone kuti mawu akuti "osachepera" akusiya mpata woti nthawi iwonjezedwe. Pa funso lililonse lotere mayi aja anaumirira kuti pakhale chiganizo chakuti, "Sonyezani mawu a m'nkhani amene akutsimikiza yankho lanu." Popanda chiganizo chimenechi simungasiyanitse mwana amene walingalira ndi amene wangolota.

Funso loweruza ndi limene linavulaza kwambiri. Funsolo linali labwino, koma pepala la mayankho linalola yankho limodzi lokha, la mphunzitsi. Mnyamata uja anali atachita zonse zimene funso lotere limafuna. Anasankha mbali, nalumikiza 2 Januwale ndi 3 Januwale, napereka chifukwa chomveka. Ziro ija inamuphunzitsa kuti kuganiza pawekha n'kulakwa, ndipo pa mapepala otsatira ankangolemba zimene ankaona kuti zikondweretsa mphunzitsi.

Funso latsopano linati, "Kodi kuchedwetsa sukulu m'mizinda iwiri yokha kunali koyenera? Perekani maganizo anu pogwiritsa ntchito mfundo ziwiri za m'nkhani." Malikisi anayi anawagawa chonchi: imodzi ya kunena mbali momveka, awiri a mfundo ziwiri zochokera m'nkhani, ndi imodzi ya kutchula chimene wotsutsa anganene. Wovomereza ndi wotsutsa onse angapeze anayi, ndipo wongolemba "inde" apeza imodzi yokha. Chimene chikuchongedwa ndi mphamvu ya zifukwa, osati kugwirizana ndi mphunzitsi.

Inu amene mukukonza mafunso pa nkhani yaifupi, musapite nawo m'kalasi musanawayankhe nokha, pensulo ili m'manja. Lembani yankho la funso lililonse ndi mzere umene lachokera. Pa funso loweruza lembani mayankho awiri otsutsana, ndipo muone ngati kagawidwe kanu ka malikisi kangapatse onse awiri malikisi athunthu. Ngati kakukondera limodzi, kakonzeni ana asanalembe.