Yesani buku la Chipwitikizi musanayambe kuliwerenga

Mwana wa ku Mandimba, Ngauma kapena Cuamba amakula akuyankhula Chinyanja, Chiyao kapena Chimakua, koma mayeso amalemba m'Chipwitikizi. Mawu a chilankhulo cha kusukuluchi amachuluka m'mutu mwa munthu amene amawerenga kwambiri, bola bukulo likhale la msinkhu wake. Ambiri amagwa ulesi chifukwa chotola buku lowaposa.

Choyamba, liyeseni. Tsegulani tsamba lapakati, muwerengere mawu 100, ndipo pa mawu alionse achilendo mupinde chala. Mayina a anthu ndi malo musawawerengere. Kafukufuku wa Hu ndi Nation wa mu 2000 anasonyeza kuti munthu amamva bwino nkhani popanda womuthandiza ngati akudziwa mawu pafupifupi 98 pa 100 alionse. Choncho mukapinda zala ziwiri kapena chimodzi, bukulo ndi lanu. Zikakwana zisanu liikeni padera, mudzalibwerera.

Tiyerekeze kuti mtsikana wa kalasi 8 wabwereka Terra Sonâmbula, buku la Mia Couto la mu 1992, ndipo wapinda zala zisanu ndi zitatu. Ndiye kuti pa tsamba la mawu 300 akumana ndi mawu achilendo 24. Akamafika pansi pa tsamba, nkhani yamuthawa kale. Komanso Mia Couto amapeka mawu akeake, ena oti m'dikishonale mulibe. Bukulo ndi lokoma zedi, koma si loyambira.

Mtsikanayu abwerere m'mbuyo. Ayambe ndi timabuku tolembedwa dala ndi mawu ochepa obwerezabwereza, monga ta Ler Português ta kampani ya Lidel, kapena tilitonse tolembedwa A1 kapena A2 pachikuto. Komwe sitipezeka, nthano za m'mabuku a kupulayimale zimagwira ntchito yomweyo, ndipo palibe chochititsa manyazi pamenepo. Akatha angapo, ayese nkhani zifupizifupi za Luís Bernardo Honwana za mu Nós Matámos o Cão-Tinhoso la mu 1964, kenako Balada de Amor ao Vento la Paulina Chiziane la mu 1990. Lililonse aliyese ndi zala zomwe zija.

Powerenga, dikishonale ikhale patali. Mawu achilendo muwalote kuchokera ku ziganizo zowazungulira n'kupitirira. Akabwera kachitatu akukutsekerezanibe nkhani, pamenepo afufuzeni. Mawu amakhazikika mukakumana nawo kambirimbiri m'ziganizo zosiyana, n'chifukwa chake mphindi 20 tsiku lililonse zimaposa maola atatu Lamlungu lokha.

Musafulumire kukwera. Mudziwa kuti mwakonzeka mukamamaliza mutu wonse osamasulira m'chinenero chakwanu chamumtima, n'kutha kufotokozera mnzanu zomwe zachitika. Mukaona kuti mukubwereza chiganizo chimodzi kawiri katatu, kapena mwaiwala amene akuyankhula, tsikani sitepe imodzi muwerengeko mabuku ena awiri a msinkhu wapansiwo.