N'CHIFUKWA CHIYANI NYANJA YA MALAWI SIPHWA NGATI CHILWA?

Anzanga, tonse timadziwa kuti Nyanja ya Chilwa ndi yosaya. Malo ambiri munthu wa bwato amangoponda pansi ndi nsungwi, ndipo makolo athu amakumbukira kuti inaphwa mu 1968 ndi mu 1995. Koma Nyanja ya Malawi pamalo pake pozama kwambiri ndi mamita 706. Mutaimika mitengo ya bulugamu ya mamita 20 pamwamba pa unzake, pangafunike mitengo 36 kuti wapamwamba afike pamwamba pa madzi. Kodi dzenje lotereli analikumba ndani? Yankho lake ndi mutu uja wa mu Jogalafe umene umatizunguza ambiri, wa chigwa chachikulu chimene aphunzitsi amachitcha rifiti vale.

Poyamba nthaka imakokeka

Miyala imene tapondapoyi ili ngati khungu la dziko. Pansi pa mtunda khunguli ndi lochindikala pafupifupi makilomita 35 mpaka 40. Pansi pakenso pali miyala yotentha imene imayenda pang'onopang'ono. Kuno kum'mawa kwa Afirika, khunguli likukokedwa mbali ziwiri, gawo lina kumadzulo, lina kum'mawa. Ife a ku Phalombe tili kum'mawa kwa chigwachi, pomwe anzathu a ku Mwanza ndi ku Dedza ali kumadzulo.

Tengani mandasi a pa buleki muwakoke mbali ziwiri mosafulumira. Kunja kouma kuja kumang'aluka, koma m'kati mofewa mumangotamuka n'kuyamba kupyapyala. Dziko nalonso limatero. Miyala ya pamwamba ndi yozizira, ndiye imathyoka. Ya pansi ndi yotentha, ndiye imatamuka.

Musaope kuti mawa tidzuka titasiyana ndi a ku Mwanza. Kumpoto kwa nyanja kukokekaku ndi mamilimita awiri kapena atatu okha pa chaka, ndipo kuno kum'mwera n'kochepa kuposa apo. Chikhadabo chanu chimakula msanga kuposa pamenepa. Koma tachulukitsani mamilimita 2 ndi zaka 1,000,000. Mupeza mamilimita 2,000,000, omwe ndi makilomita awiri athunthu. Chinsinsi chonse chagona pa kutalika kwa nthawi.

Kenako pakati pamatitimira

Miyala ikathyoka pamakhala mng'alu waukulu, ndipo mbali imodzi imatsetsereka pa inzake. Mng'alu woterewu m'kalasi timautcha foloti. Chofunika kugwira apa n'chakuti ming'aluyi siimirira chilili ngati khoma la nyumba, imapendekeka.

Yesani izi kunyumba. Umbani njerwa yadothi, isanaume muidule kawiri ndi mpeni mopendeketsa, kuti chidutswa chapakati chikhale chachikulu pamwamba, chosongoka pansi. Nyamulani zidutswa ziwiri za m'mbali mutapanikiza chapakaticho. Tsopano tasulani manja pang'ono. Chapakati chija chitsetsereka kupita pansi, za m'mbali zitsala pamwamba. Chotitimiracho ndiye chigwa, ndipo zotsalazo ndi zikweza zake.

Zikwezazi si za m'buku mokha ayi. Amene munapitako ku Chikwawa mwaona momwe msewu wochoka ku Blantyre umakhotakhotera potsika ku Thabwa. Pamenepo mumakhala mukutsika pa mng'alu wa Thyolo kulowa m'chigwa cha Shire. Chikweza cha Golomoti ku Dedza ndi cha Chiweta ku Rumphi zinapangika chimodzimodzi.

Ming'aluyi sinafe. Miyala imagwirana zaka zambiri uku ikukokedwa, ndiye tsiku lina imaposonyoka mwadzidzidzi. Chimenecho ndiye chivomerezi. Cha ku Salima pa 10 Malichi 1989 chinapha anthu ndi kugwetsa nyumba zambiri, ndipo mu Disembala 2009 ku Karonga kunachitika zivomerezi zotsatizana, nthaka mpaka kung'ambika poyera.

Madzi amadzaza dzenje

Tiwerengere pamodzi, a samu musathawe. Pamwamba pa madzi a Nyanja ya Malawi pali pa mamita pafupifupi 474 kuchokera pa mulingo wa nyanja yamchere. Kuya kwake ndi mamita 706. Tikachotsera 474 pa 706 titsala ndi 232. Izi zikutanthauza kuti pansi pa nyanja yathu ndi potsika mamita 232 kuposa pamwamba pa madzi a nyanja yamchere ya ku Quelimane.

Apa pali umboni wamphamvu. Mtsinje sungakumbe dzenje lotere, chifukwa madzi amene alowa m'dzenje lakuya choncho sangakwerenso atanyamula dothi kupita nalo kunyanja yamchere. Ndiye palibe chimene chinakumba. Nthaka inachita kutitimira yokha, mitsinje ngati Songwe, Rukuru, Bua ndi Linthipe n'kudzazamo madzi. Mitsinjeyi imathiramonso mchenga ndi matope chaka ndi chaka, koma nyanja sikwiririka chifukwa pansi pakutitimirabe.

Dziwaninso kuti chigwachi sichititimira mofanana mbali zonse. Nthawi zambiri mng'alu wa mbali imodzi ndiwo umakula, ndipo pansi pamapendekera komweko. N'chifukwa chake pozama kwambiri sipali pakatikati pa nyanja, koma kufupi ndi gombe la kumadzulo, kumpoto kwa Nkhata Bay cha ku Usisya, kumene mapiri amagwera m'madzi mwenimweni. Nyanja ya Tanganyika, yomwe ili m'chigwa chomwechi, ndiyo inanyanya, imafika mamita 1,470. Chilwa wathu wakhala pamtunda kum'mawa kwa dzenje lalikululi, m'beseni losaya, ndiye mvula ikavuta zaka zotsatizana dzuwa limamumaliza.

Nanga moto umachokera kuti?

Pansi patali miyala ndi yotentha zedi, komabe ndi yolimba chifukwa yapsinjidwa ndi kulemera kwa miyala ya pamwamba. Khungu lija likapyapyala, miyala yotenthayo imakwera, kupsinjika kumachepa, ndipo gawo lochepa limasungunuka. Chosungunukacho ndiye magima. Popeza ndi chopepuka kuposa miyala yochizungulira, chimakwera kudzera m'ming'alu, ndipo chikatulukira kunja chimakhala chiphalaphala chimene chimaunjikana n'kupanga phiri lophulika.

Mapiri otere oyandikira kwathu ali ku Rungwe m'dziko la Tanzania, kumpoto kwa Karonga. Ku Congo kuli Nyiragongo, limene mu Meyi 2021 linatsanulira chiphalaphala m'mphepete mwa mzinda wa Goma. M'Malawi muno mulibe phiri limene likuphulika, koma kutentha kwa pansi timakuona m'akasupe a madzi otentha a ku Chiweta, ku Nkhotakota ndi ku Liwonde. Madzi a mvula amatsika mu mng'alu, amakatenthedwa pansi, n'kubwereranso pamwamba.

Chenjerani ndi misampha iwiri

Woyamba: musalembe pa mayeso kuti Mulanje ndi phiri lophulika la chigwachi. Miyala ya Mulanje ndi magima amene anazizirira pansi pa nthaka zaka pafupifupi 130 miliyoni zapitazo, chigwa cha lerochi chisanayambe. Miyala yofewa yomuzungulira inakokoloka, iye n'kutsala ali njo. Umboni wake tolani mwala wa kumeneko muuyang'ane. Timibulu take timaoneka ndi maso chifukwa unazizira pang'onopang'ono, pomwe chiphalaphala chozizira msanga panja chimapanga mwala wa timibulu tosaoneka.

Wachiwiri: napolo si chivomerezi. Zimene zinachitika ku Michesi mu 1991 ndi pa Namondwe Freddy mu 2023 zinali dothi ndi miyala zokokoloka chifukwa cha mvula yambiri, osati mng'alu kusuntha.

Funso la sabata ino: ngati chigwa chikukula mamilimita 2 pa chaka, pangapite zaka zingati kuti chikule mita imodzi? Yankho lembani pa kapepala muike m'bokosi la pansipa, koma chonde osang'amba tsambali.

Wolemba: wophunzira wa Fomu 2